Gilayikolisisi sitepe ndi sitepe: mafunso amene ndimafunsidwa kawirikawiri kuno ku Mangochi

Ndimaphunzitsa Bayoloje kuno ku Mangochi, ndipo chaka chilichonse tikafika pa mutu wa mmene selo limapezera mphamvu, mafunso amabwera omwewo. Amafunsa a Folomu 3 ndi 4, amafunsanso amene ndinawaphunzitsa kale omwe pano akuphunzira unamwino ndi ntchito za mu labu, akabwera ku holide. Ndawasonkhanitsa pano kuyambira ophweka kufikira ozama. Mayina a zinthu ndawalemba mmene timawatchulira, koma zidule zake monga ATP ndi G3P ndazisiya mmene zilili m'mabuku kuti muzitha kulondola mukatsegula buku lanu. Ngati muli ndi nthawi yochepa, werengani funso la masitepe asanu omaliza ndi mafunso awiri a okosijeni, chifukwa ambiri amasokonezekera pamenepo.

Kodi gilayikolisisi n'chiyani?

Ndi njira imene selo limadulira gulukosi pakati n'kutengapo mphamvu pang'ono. Dzinali ndi la Chigiriki, ndipo limatanthauza kumasula kapena kuphwanya chinthu chotsekemera. Nsima ikagayidwa m'matumbo, ufa uja umasanduka gulukosi, yemwe amalowa m'magazi kenako m'maselo. Gulukosi mmodzi ali ndi makaboni 6. Akadutsa masitepe 10, aliyonse ndi enzayimu yakeyake, amatuluka ali zidutswa ziwiri zofanana za makaboni 3 chilichonse, zotchedwa payiruveti. Panjirapo selo limapindula ATP awiri, mamolekyu amene amanyamula mphamvu m'selo, ndi NADH awiri, amene amanyamula maelekitironi.

```
C6H12O6 + 2 NAD+ + 2 ADP + 2 Pi
→ 2 C3H4O3 + 2 NADH + 2 H+ + 2 ATP + 2 H2O
```

C3H4O3 ndiye payiruveti, ADP ndi ATP amene wataya fosifeti imodzi, NAD+ ndi NADH asanalandire maelekitironi, ndipo Pi ndi fosifeti yoyandama payokha m'madzi a m'selo. Yang'anani mbali zonse ziwiri: palibe O2, palibenso CO2. Mabuku ena amaitcha njira ya Embden, Meyerhof ndi Parnas, potengera akatswiri amene anathandiza kwambiri kutulukira masitepe ake, ntchito imene inafika pomalizika cha m'ma 1940.

Imachitikira pati m'selomo?

Mu sayitopulazimu, makamaka m'madzi ake aja amene tiziwalo ta selo timayandamamo. Maenzayimu onse khumi ali m'madzimo, ndipo palibe sitepe imene imafuna khungu la kachiwalo kalikonse. Umboni wake ndi wakale. Mu 1897 Eduard Buchner anasinja yisiti, n'kufinya madzi opanda selo lamoyo ngakhale limodzi, ndipo madziwo anasandutsabe shuga kukhala mowa ndi mpweya.

Ophunzira ambiri amalemba kuti imachitikira mu maitokondiriya, chifukwa anamva kuti ndiko kumapangidwa mphamvu. Mankhwala a cholakwa chimenechi ndi kukumbukira selo lofiira la magazi. Likakhwima lilibe maitokondiriya ngakhale amodzi, koma limakhala moyo masiku pafupifupi 120, ndipo ATP wake yense amachokera ku gilayikolisisi. Mabakiteriya nawonso alibe maitokondiriya, koma ambiri a iwo amaichita bwinobwino.

Masitepe asanu oyamba amayenda bwanji?

Awa ndi masitepe olowetsa mpamba. Selo silipeza kanthu pano, limangotulutsa.

Pa sitepe 1, gulukosi akangolowa m'selo, enzayimu ya hekisokinezi imachotsa fosifeti imodzi pa ATP n'kuimata pa kaboni wachisanu ndi chimodzi wa gulukosi. Tsopano ndi G6P, ndipo ATP woyamba wapita. Pa sitepe 2 palibe cholowa kapena chotuluka. Maatomu omwewo amangokonzedwa mwina, gulukosi n'kukhala furukitosi, ndiye F6P. Kusinthaku kumasiya kaboni woyamba pamtetete kuti athe kulandira fosifeti, komanso kumakonza molekyu kuti idzathe kuduka pakati penipeni.

Sitepe 3 ndiyo yaikulu m'chigawo chino. Enzayimu ya fosifofurukitokinezi, yomwe mabuku amafupikitsa kuti PFK-1, imatenga ATP wachiwiri n'kumata fosifeti yake pa kaboni woyamba. Molekyu ija tsopano ili ndi fosifeti kumutu ndi kumchira, ndipo imatchedwa FBP. G6P akanatha kupatukira kwina, mwachitsanzo kukasungidwa ngati gilayikojeni, koma FBP alibenso kolowera kwina. Wadutsa pa PFK-1 ndiye kuti adulidwa basi.

Pa sitepe 4, alidolezi imadula FBP pakati pa kaboni wachitatu ndi wachinayi. Zidutswa ziwirizo zili ndi makaboni 3 ndi fosifeti imodzi chilichonse, koma si zofanana: china ndi G3P, china ndi DHAP. Njira yakutsogolo imalandira G3P yekha. Choncho pa sitepe 5 enzayimu ina imatembenuza DHAP kukhala G3P. Mukasiya ziwirizi mu botolo kuti zikhazikike, pafupifupi 96 pa 100 zimakhala DHAP, koma m'selo G3P amatengedwa akangopangidwa, motero DHAP amatembenukabe mpaka atatha.

```
1  gulukosi + ATP → G6P + ADP
2  G6P → F6P
3  F6P + ATP → FBP + ADP
4  FBP → DHAP + G3P
5  DHAP → G3P
```

Pofika apa, gulukosi mmodzi wasanduka G3P awiri, ndipo selo lili ndi ngongole ya ATP awiri.

N'chifukwa chiyani selo liyamba ndi kuwononga ATP pamene likufuna ATP yemweyo?

Mayi wa geni ya usipa akamapita kudoko ku Makawa m'mamawa sapita chimanjamanja. Amayamba watulutsa mpamba, phindu limabwera pambuyo. ATP awiri aja ndi mpamba, ndipo amagula zinthu zenizeni.

Choyamba amagula kutsekera. Gulukosi amalowa m'selo kudzera pa timakomo ta pa khungu la selo, ndipo akhoza kutulukiranso pomwepo. Fosifeti ikamatidwa, molekyu imakhala ndi chaji, ndipo timakomo tija sitimuzindikiranso. Komanso popeza gulukosi wopanda fosifeti amakhala wochepa mkati, wakunja amapitiriza kulowa yekha. Chachiwiri, gulukosi ndi wokhazikika kwambiri. Shuga wa mu sitolo amakhala zaka osasintha. Mafosifeti awiri aja amapatsa maenzayimu pogwira, ndipo amachititsa kuti molekyu ikaduka, chidutswa chilichonse chikhale ndi fosifeti yake, chisathawe m'selo.

Nanga masitepe asanu omaliza?

Musanawerenge, gwirani ichi: kuyambira pano chilichonse chimachitika kawiri, chifukwa G3P alipo awiri. Amene amaiwala zimenezi amapeza kuti phindu ndi ziro, n'kuyamba kukayikira buku.

Sitepe 6 ndiyo mtima wa njira yonse, ndipo ndimaipatsa phunziro lathunthu payokha. Enzayimu ya GAPDH imachotsa maelekitironi awiri pamodzi ndi hayidirojeni pa G3P n'kuwapereka kwa NAD+, yemwe amasanduka NADH. Kuchotsa maelekitironi kumeneku kumamasula mphamvu yambiri. M'malo molola mphamvuyo kutayika ngati kutentha, enzayimuyi imaigwiritsa ntchito kumata fosifeti yachiwiri pa chidutswacho. Fosifeti imeneyi sichokera kwa ATP, ndi Pi wa m'madzi a m'selo, waulere. Chotuluka ndi 1,3-BPG, yemwe wanyamula fosifeti yatsopanoyo movutikira, wokonzeka kuipereka kwa aliyense. Phindu lonse la gilayikolisisi limabadwira apa. Mafosifeti awiri a mpamba adzangobwerera kwawo, koma awiri olowa pa sitepe 6 ndiwo owonjezera. Arthur Harden ndi William Young anaona zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900: madzi a yisiti aja ankafooka kuwira, ndipo akathiramo fosifeti ankayambiranso mwamphamvu.

Pa sitepe 7, 1,3-BPG amapereka fosifeti ija kwa ADP, n'kupanga ATP. Kawiri, ndiye ATP awiri, ngongole yatha. Chotsala ndi 3PG. Sitepe 8 imangosuntha fosifeti yotsalayo kuchoka pa kaboni wachitatu kupita pa wachiwiri. Sitepe 9, ya enzayimu ya enolezi, imachotsa molekyu imodzi ya madzi n'kupanga PEP. Kuchotsa madziku kumaoneka kochepa, koma kumasintha fosifeti imene inali itakhazikika kukhala yosakhazikika kuposa ya ATP mwiniwake, pafupifupi kawiri. Ndiye pa sitepe 10 payiruveti kinezi imatenga fosifetiyo n'kuipereka kwa ADP. Kawiri, ATP ena awiri.

```
6   G3P + NAD+ + Pi → 1,3-BPG + NADH + H+
7   1,3-BPG + ADP → 3PG + ATP
8   3PG → 2PG
9   2PG → PEP + H2O
10  PEP + ADP → payiruveti + ATP
```

Ndiye yankho lolondola ndi ATP awiri kapena anayi?

Onse ndi oona, kutengera funso. Opangidwa ndi 4: awiri pa sitepe 7, awiri pa sitepe 10. Ogwiritsidwa ntchito ndi 2: mmodzi pa sitepe 1, mmodzi pa sitepe 3. Phindu ndi 4 kuchotsa 2, kutsala 2. Funso likati angati amapangidwa, nenani 4. Likafunsa za phindu, nenani 2. Ine ndimalangiza kulemba mzere wonsewo, kuti wochonga aone kuti mukudziwa kumene 2 wachokera.

NADH awiri aja musawaphatikize mu chiwerengerochi. Ali ngati cheke chimene sichinasinthidwe. Adzasanduka ATP pokhapokha maelekitironi awo akafika ku maitokondiriya komwe kuli okosijeni, ndipo zimenezo sizilinso gilayikolisisi.

Kodi phindu limakhala 2 nthawi zonse?

Kuchokera pa gulukosi wa m'magazi, nthawi zambiri inde. Koma pali nthawi zitatu zimene zimasiyana, ndipo aliyense amene wamvetsa masitepe akhoza kuziwerengera yekha.

Mnofu umasunga gulukosi wake ngati gilayikojeni, unyolo wautali wa magulukosi. Pomasula mmodzi pa unyolowo, enzayimu imagwiritsa ntchito Pi, osati ATP, ndipo gulukosiyo amatuluka ali kale ndi fosifeti. Sitepe 1 yalumphidwa, mpamba ndi ATP mmodzi yekha, phindu ndi 3. Sikuti wachitatuyo ndi waulere ayi, analipiridwa kale nthawi yosunga, munthu ali kupuma atadya. Mnofu umalipira uli pamtendere kuti udzapindule pa nthawi yothina.

Selo lofiira la magazi limapatutsa 1,3-BPG wina kumusandutsa 2,3-BPG, yemwe amathandiza himogulobini kutula okosijeni m'minofu. Wopatukayo amabwerera pa njira atalumpha sitepe 7, choncho ATP wa pamenepo watayika.

Yachitatu ndi poizoni wa aseneti. Amafanana kwambiri ndi fosifeti moti GAPDH imamumata pa sitepe 6 m'malo mwa Pi, koma amagwa yekha m'madzi nthawi yomweyo, sitepe 7 isanapange kanthu. Gulukosi amathabe, payiruveti amatulukabe, koma opangidwa ndi 2, ogwiritsidwa ntchito 2, phindu ziro. Ndimakonda chitsanzo chimenechi chifukwa chimaonetsa poyera kuti phindu linali mu fosifeti ya pa sitepe 6.

N'chifukwa chiyani okosijeni safunika?

Bwererani pa masitepe khumi aja muwawerenge limodzi ndi limodzi. Palibe pomwe O2 akulowa. Yankho lalifupi ndi lomwelo, koma pali zifukwa ziwiri pansi pake.

Choyamba ndi mmene ATP akupangidwira. Pa masitepe 7 ndi 10 fosifeti ikuchoka pa molekyu imodzi kupita kwa ADP mwachindunji, dzanja ndi dzanja, pa enzayimu imodzi. Ku maitokondiriya ndi zina. Kumeneko maelekitironi amayenda pa mzere wa mapuloteni, mayendedwe awowo ndi amene amapereka mphamvu yopangira ATP, ndipo kumapeto kwa mzere payenera kukhala wowalandira. Wolandirayo ndiye okosijeni. Akasowa, mzere wonse umadzaza n'kuima. Gilayikolisisi ilibe mzere wotere.

Chachiwiri ndi pomwe mawu amasokoneza. Sitepe 6 mabuku amaitcha okisideshoni, ndipo mawuwa amamveka ngati okosijeni. Koma tanthauzo lake ndi kuchotsa maelekitironi basi. Wowalandira akhoza kukhala okosijeni, akhozanso kukhala wina, ndipo pano ndi NAD+.

Mukhoza kudzitsimikizira powerenga maatomu. Gulukosi ndi C6H12O6. Payiruveti awiri pamodzi ndi C6H8O6. Makaboni ndi 6 mbali zonse, maatomu a okosijeni ndi 6 mbali zonse. Palibe wawonjezeka. Chasowa ndi mahayidirojeni 4 okha, omwe apita ndi NADH awiri ndi H+ awiri.

Ngati sasowa okosijeni, bwanji mabuku amati okosijeni akatha zinthu zimasintha?

Ili ndilo funso limene ndimasangalala nalo likabwera, chifukwa wolifunsa wafika pachimake. Gilayikolisisi sisowa okosijeni, koma imasowa NAD+, ndipo selo lili ndi NAD+ wochepa kwambiri poyerekeza ndi gulukosi amene limadula.

Taganizirani bwato lafika kudoko litadzaza usipa, koma pagombe pali ndowa zisanu zokha. Zisanu zikadzaza, kutsitsa kumaima, ngakhale usipa uli tho m'bwato ndipo anthu alipo. Payenera kukhala pokakhuthula kuti ndowa zibwerere zopanda kanthu. NAD+ ndi ndowa yopanda kanthu, NADH ndi ndowa yodzaza. Onse akakhala NADH, sitepe 6 imaima, ndipo masitepe 7 ndi 10 omwe amapanga ATP amasowa chogwira.

Okosijeni akakhalapo wokwanira, maelekitironi a NADH amatumizidwa ku maitokondiriya. NADH mwiniwake sadutsa khungu lamkati la maitokondiriya, amangopatsira maelekitironi kwa mamolekyu ena onyamula, iye n'kutsala kunja ali NAD+. Payiruveti nayenso amalowa mu maitokondiriya kukamalizidwa. Koma okosijeni akachepa, kapena gilayikolisisi ikathamanga kuposa mmene maitokondiriya angalandirire, selo limakhuthulira pafupi. Enzayimu ya LDH imatenga maelekitironi a NADH n'kuwaika pa payiruveti yemwe wangopangidwa kumene, n'kumusandutsa lakiteti.

```
payiruveti + NADH + H+ → lakiteti + NAD+
```

Sitepe imeneyi sipanga ATP ngakhale mmodzi. Ntchito yake ndi kubweza ndowa. Ndipo masamu ake amatseka bwino: sitepe 6 imadzaza ndowa ziwiri, payiruveti awiri amakhuthula ziwiri. Asidi wa lakiteti ndi C3H6O3, awiri pamodzi ndi C6H12O6, ndendende gulukosi tinayamba naye uja. Mahayidirojeni 4 aja abwerera. Selo latenga ATP awiri popanda kubwereka kalikonse kunja.

Tiyeni titenge mnyamata wa kabaza amene wanyamula thumba la chimanga kuchokera ku Boma, wawoloka mlatho wa pa Shire, akulowera njira ya ku Namwera. Pa chidikha akupalasa mofatsa, mtima ukufikitsa okosijeni wokwanira, ndipo gulukosi mmodzi akumupatsa ATP pafupifupi 30. Akafika pa chitunda cha Chowe n'kuimirira pa mapedulo, minofu ya ntchafu ikufuna ATP mwachangu kuposa mmene maitokondiriya angaperekere. ATP wosungidwa m'mnofu amangokwanira masekondi ochepa, ndipo nkhokwe ina yaing'ono ya fosifokiriyatini imawonjezerapo masekondi ngati khumi. Kenako gilayikolisisi imatsegulidwa kwambiri. Kuti ipeze ATP 30 omwewo kudzera pa lakiteti, iyenera kudula magulukosi 15, kapena 10 ngati akuchokera pa gilayikojeni. Ndi njira yodya kwambiri, koma ndi yachangu. N'chifukwa chake angathe kulimbana ndi chitunda mwamphamvu chonchi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako miyendo imalemera, amatsika n'kuyamba kukankha njinga.

Nsomba nazonso n'chimodzimodzi. Mnofu woyera umene umadzaza thupi la chambo uli ndi maitokondiriya ochepa ndipo ndi wothawira mwadzidzidzi. Nsomba ikaphiriphitha muukonde kanthawi imafooka msanga, pa chifukwa chomwechi.

Kodi lakiteti ndi amene amapweteketsa miyendo m'mawa mwake?

Ayi. Lakiteti amachoka m'mnofu kulowa m'magazi, ndipo pakatha pafupifupi ola limodzi munthu atapuma amakhala atabwerera pa mlingo wake. Ululu wa tsiku lotsatira kapena lachiwiri umachokera ku timabala ting'onoting'ono ta m'mnofu ndi kutupa kwake.

Ndipo lakiteti si zinyalala. Mphamvu yambiri ya gulukosi ikadali mwa iye. Mtima umamutenga m'magazi, kumubweza kukhala payiruveti n'kumutentha mu maitokondiriya. Chiwindi chimatenga wina n'kumanganso gulukosi, pa mtengo wa ATP 6 pa gulukosi mmodzi. Mnofu unapindula 2, chiwindi chalipira 6. Mnyamata uja akamapumabe wefuwefu pamwamba pa chitunda atatsika kale njinga, thupi likubwezeretsa nkhokwe zimene linabwereka, ndipo ntchito imeneyo imafuna okosijeni.

Nanga yisiti wa mandasi amachitanso zomwezi?

Masitepe khumi ndi omwewo, phindu ndi 2 yemweyo. Kusiyana kuli pa kukhuthula ndowa. Yisiti amayamba wathyola kaboni mmodzi pa payiruveti, yemwe amatuluka ngati CO2. Chotsala cha makaboni 2 ndicho chimalandira maelekitironi a NADH n'kusanduka ethanolo. CO2 ndiye amatupitsa ufa wokanda m'beseni, ndipo ethanolo wochepayo ambiri amauluka ndi moto pokazinga. Chenjerani pa mayeso: CO2 ameneyu sachokera mu gilayikolisisi, amatuluka pambuyo pa sitepe 10. Mnofu wa munthu ukamapanga lakiteti sutulutsa CO2 pa njira imeneyi.

Chimauza selo kuti lithamangitse kapena lichepetse gilayikolisisi n'chiyani?

Masitepe 7 mwa khumi aja amatha kuyenda uku ndi uku. Atatu okha, 1, 3 ndi 10, ndiwo sabwerera m'selo, ndipo mabuleki ali pamenepo. Wamkulu ndi PFK-1 wa pa sitepe 3. ATP akachuluka, amakhala pa malo ena apadera pa enzayimuyi n'kuifooketsa. Selo likagwiritsa ntchito ATP kwambiri, AMP, yemwe ndi ATP wataya mafosifeti awiri, amachuluka, amachotsa buleki uja, njira n'kutseguka. Sitireti wochokera ku maitokondiriya amaichepetsanso, ngati uthenga woti kuno takhuta. PFK-1 ikachepetsa, F6P ndi G6P amaunjikana kumbuyo kwake, ndipo G6P amatseka hekisokinezi, gulukosi n'kusiya kugwidwa. Asidi akachuluka m'mnofu amafooketsanso PFK-1, zomwe zimateteza selo kuti lisadziwononge.

Buku langa likuti gulukosi amapereka ATP 38, inu mukuti 30. Zoona n'ziti?

Mabuku akale amati 36 kapena 38, atsopano amati 30 mpaka 32. Kusiyanaku kuli pa kawerengedwe ka ku maitokondiriya: kale ankati NADH mmodzi amapereka ATP 3, pano amati pafupifupi 2.5. Phindu la 2 la gilayikolisisi silinasinthe. Pa mayeso tsatirani nambala ya buku la silabasi yanu.

Gulukosi akatenthedwa mpaka CO2 ndi madzi amatulutsa pafupifupi 2870 kJ pa molo. ATP mmodzi amawerengedwa 30.5 kJ pa molo, awiri ndi 61 kJ. Ndiye gilayikolisisi imagwira pafupifupi 2 pa 100 ya mphamvu yonse ya gulukosi. Si kuti yotsalayo yatayika. Yambiri ikadali mu payiruveti.

Zimenezi zimakhudza bwanji ntchito ya ku chipatala?

Funso ili limachokera kwa amene ali pa maphunziro a za umoyo, ndipo yankho lake lili mu chubu cha magazi. Maselo a magazi sadziwa kuti atuluka m'thupi. Mu chubu amapitiriza kudula gulukosi, ndipo popeza maselo ofiira sadalira okosijeni pa ntchitoyi, kutseka chivindikiro sikuwaletsa. Shuga amatsika pafupifupi 5 mpaka 7 pa 100 ola lililonse, ndipo kutentha kwa kuno kwa mwezi wa Okutobala kumathamangitsa maenzayimu.

Tiyerekeze kuti magazi atengedwa pa chipatala chaching'ono kutsidya kwa nyanja, shuga ali 7.4 mmol/L munthu asanadye, mu chubu chopanda mankhwala oletsa, ndipo afika ku labu patatha maola 4. Tikatenga 6 pa 100 pa ola, pakatha ola loyamba ali 7.0, lachiwiri 6.5, lachitatu 6.1, lachinayi 5.8. Malire ozindikirira matenda a shuga kwa munthu wosadya ndi 7.0. Munthu amene anayenera kuyezedwanso ndi kutsatiridwa akhoza kuuzidwa kuti ali bwino. Makina sanalakwe, ayeza zimene zinali mu chubu. Lakiteti naye amakhala atakwera mu chubu chomwecho, pa chifukwa chimene tafotokoza pa funso la NAD+. Choncho mukaona zotsatira zosagwirizana ndi mmene wodwala akuonekera, funsani nthawi imene magazi anatengedwa ndi mtundu wa chubu.

Chubu cha chivindikiro chotuwa chimakhala ndi fuloraidi, yemwe amatseka enolezi pa sitepe 9. Koma onani pomwe sitepe 9 ili, kumapeto. Masitepe akumayambiriro amapitiriza kugwira gulukosi mpaka ATP wa m'selo atatha, motero shuga amatsikabe mu ola loyamba kapena awiri ngakhale mu chubu choyenera. Chodalirika ndi kuyeza msanga, kuziziritsa chubu, kapena kulekanitsa madzi a magazi ndi maselo mwachangu.

Malungo nawo ali m'nkhaniyi. Kachilombo ka malungo kakakhala m'selo lofiira kamapeza pafupifupi ATP wake wonse ku gilayikolisisi, ndipo selo logwidwalo limadya gulukosi kuwirikiza makumi angapo kuposa labwino, n'kumataya lakiteti. Pa malungo aakulu maselo ogwidwa amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono, magazi amachepa, okosijeni safika bwino m'minofu, ndipo maselo a mwana wodwalayo nawonso amatembenukira ku lakiteti. Lakiteti wa munthu wopuma amakhala pansi pa 2 mmol/L, ndipo 5 kapena kuposa ndi chimodzi mwa zizindikiro za malungo aakulu. Mwana wotere amapuma mozama ndi mofulumira ngakhale chifuwa chili choyera, chifukwa thupi likuyesa kutaya asidi potulutsa CO2. Shuga wake akhoza kutsika kwambiri pa nthawi yomweyo, n'chifukwa chake mwana wa malungo amene wakomoka kapena akugwa khunyu amayezedwa shuga pa chala pomwepo, osadikira chubu chopita ku labu.